Madesiki Amene Boma Silinaitanitse

Lyford Zgambo anali kalipentala wodziwika pa Mzimba boma. Shedi yake inali kuseri kwa msika, pafupi ndi pamene amagulitsira matabwa ochokera ku Chikangawa, ndipo anali atapala matabwa pamalo pamenepo kwa zaka 26. Zitseko za nyumba zambiri za aphunzitsi ndi apolisi m'tauniyi zinatuluka m'manja mwake. Anali ndi amisiri asanu ndi mmodzi, makina awiri ochekera, ndi mbiri yoti akati Lachisanu amatanthauza Lachisanu.

Mu Juni chaka chimenecho, ofesi ina ya boma inalengeza m'nyuzipepala kuti ikufuna madesiki 600 a sukulu za pulayimale za m'bomali. Aliyense wokhala ndi bizinesi yolembetsedwa anali womasuka kupikisana nawo. Lyford anali asanayesepo ntchito yaikulu chotere. Mkazi wake Marjory, amene anthu ankangomutchula kuti NyaShaba, ndiye anamukakamiza.

"Mapepala onse muli nawo," anatero. "Msonkho mumalipira. Mukuopa chiyani? Anthu a ku Lilongwe ali ndi manja anayi?"

Anakhala milungu iwiri akudzaza mafomu. Anaika envelopu yake m'bokosi la tenda, loikamo mapepala a opikisana, tsiku lomaliza, ndipo analipo pamene ankatsegula maenvelopu pamaso pa onse nkumawerenga mitengo. Opikisana anali asanu ndi atatu. Mtengo wake sunali wotsikitsitsa, koma unali wachiwiri. Anabwerera ku shedi osayembekezera kanthu.

Kumayambiriro kwa Ogasiti kunabwera munthu pa njinga yamoto. Anali Evance Kamwendo, ofisala woona zogula katundu pa ofesi ija, munthu wa ku Ntcheu amene anali atakhala pa Mzimba zaka zitatu. Ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi banja la Lyford, ndipo mkazi wake ankaimba kwaya limodzi ndi NyaShaba. Anavula chipewa cha njinga, nkutulutsa kalata m'chikwama akumwetulira.

"Bambo Zgambo, zagwa kwa inu."

Lyford anapukuta manja pa ovolosi asanailandire. Inali m'Chingerezi. Inanena kuti ofesiyo ili ndi cholinga chopereka kontirakiti ya madesiki 600 ku bizinesi yake. Anaiwerenga kawiri, milomo ikuyenda. Cha kumunsi kunali mzere wina woti kalatayo si kontirakiti, ndiponso kuti padutsa masiku khumi ndi anayi kuti wopikisana aliyense wosakhutira akadandaule, kenako ndiye kontirakiti idzasainidwe.

"Nanga apa, bwana? Akuti si kontirakiti."

"Amalemba choncho pa kalata iliyonse," Evance anayankha. "Zaka zitatu ndakhala pano, sindinaonepo munthu akudandaula. Kusaina ndi mwambo chabe. Koma tamverani, vuto langa ndi ili. Sukulu zikutsegulidwa mu Seputembala. Mukadikira masiku khumi ndi anayi, kenako mudikirenso abwana akulu kuti apeze tsiku losaina, madesiki adzafika ana atakhala pansi teremu yonse. Yambanipo. Ndikukuuzani ine amene ndili ndi fayilo."

"Mbwenu ndiyambe?"

"Yambani lero lomwe ngati nkotheka."

"Yewo chomene, bwana."

Anagwirana chanza pamaso pa amisiri onse.

Vuto linali matabwa. Madesiki 600 amadya matabwa ambiri, ndipo ogulitsa safuna nkhani ya mawa. Lyford anakwera basi kupita kwawo ku Edingeni, kumene kunali khola la ng'ombe zimene bambo ake anawasiyira iye ndi mng'ono wake Bestone. Zinali khumi ndi imodzi. Anakhala pansi ndi Bestone, namuonetsa kalata yokhala ndi chidindo cha boma.

"Tigulitse zisanu ndi ziwiri," anatero. "Ikafika Novembala ndidzabweza khumi."

Bestone anayang'ana kalatayo nthawi yaitali, ngakhale Chingerezi sankachimva. Anali ndi mwana wamwamuna amene ankafuna kukwatira chaka chotsatira, ndipo ng'ombe za lobola zinali zomwezo.

"Ndi boma?"

"Ndi boma."

"Boma silithawa," anatero Bestone, nkuvomera.

Shedi inasanduka ngati fakitale. Lyford anawonjezera amisiri anayi. Makina ankayamba kulira dzuwa likutuluka, utuchi nkumafika m'akakolo, fungo la paini ndi vanishi nkumamveka mpaka kwa ogulitsa tomato. Desiki iliyonse inali ya ana awiri, mpando ndi tebulo zolumikizana, zonse za matabwa monga mmene mapepala a tenda ananenera. Lyford ankaikhalira yekha iliyonse, nkudzigwedeza, asanalole kuti aipake vanishi. Omalizidwa ankawaunjika panja, atatu atatu, mpaka mulu unatseka njira yopita ku chigayo.

Masiku khumi ndi anayi anatha. Kalata yomuitana kukasaina sinabwere. Anaimbira Evance.

"Pali kankhani kakang'ono," Evance anatero pa foni. "Kampani ina ya ku Lilongwe yadandaula. Ndi nsanje chabe, sizipita patali. Inu pitirizani."

Anapitiriza. Patatha milungu ina itatu, madesiki atakwana 340, Evance anasiya kuyankha foni. Lamlungu sanaoneke ku tchalitchi. Lolemba m'mawa Lyford anavala jekete napita ku ofesi.

Anamupeza Evance atakhala kuseri kwa mulu wa mafayilo, nkhope itagwa. Evance anaimirira, natseka chitseko, nkumupatsa mpando.

"Bambo Zgambo, zinthu sizili bwino. Dandaulo lija lapambana."

"Lapambana bwanji? Ndalakwitsa chiyani?"

"Inu simunalakwitse kalikonse. Wolakwa ndi komiti yathu imene inkaunika mapepala a opikisana. Amene anali ndi mtengo wotsikitsitsa ndi kampani ya ku Lilongwe ija. Komiti inaona kuti ndi bwino ntchito ipite kwa munthu wa konkuno, woti desiki ikathyoka tikhoza kumupeza, ndiye inakukonderani chifukwa chokhala pafupi. Koma mfundo imeneyo sinalembedwe m'mapepala a tenda. Lamulo limati tiziweruza ndi zokhazo zimene tinalengeza kwa onse pachiyambi. Oweruza dandaulo agamula kuti zonse zifafanizidwe, tiyambirenso."

Kunja winawake ankayesa kuliza galimoto yokana kulira.

"Chabwino," anatero Lyford potsiriza. "Ndipikisananso. Madesiki ndili nawo kale, mtengo nditsitsa."

Evance anayang'ana pansi.

"Pali chinanso. Kwabwera muyezo watsopano kuchokera ku likulu. Madesiki onse ogulidwa kuyambira tsopano akhale a miyendo yachitsulo, matabwa pamwamba pokha. Tenda yatsopano ituluka choncho."

"Nanga anga aja?"

"Sitingawagule."

"Munabwera ku shedi kwanga, a Kamwendo. Munandiuza kuti ndiyambe. Anyamata anga onse anamva."

"Sindikukana. Ndinanena. Ngakhale mutanditengera kukhoti ndikavomera kuti ndinanena."

"Ndiye vuto lili pati? Mwavomera."

"Vuto ndi lakuti mawu anga si mawu a boma," anatero Evance motsitsa. "Ine ndimasunga fayilo. Mphamvu yomanga kontirakiti ndilibe. Imene ilipo ili ndi komiti ndi abwana akulu, ndipo ngakhale iwowo sakanasaina masiku aja asanathe, kapena dandaulo lili mkati. Ndinkafuna ana apeze pokhala. Pepani kwambiri."

Lyford anaimirira. Anangotsegula chitseko nkutuluka, osachitseka.

Ali m'njira mtima unayamba kukhala pansi, chifukwa anakumbukira kuti zoterezi anakumana nazo kale ndipo anapambana. Zaka khumi zapitazo, manijala wa esiteti ina ya fodya cha ku Embangweni anamuitanitsa zitseko ndi mafelemu a nyumba za antchito, pakamwa pokha, popanda ngakhale kapepala. Katundu atatha, mwini esiteti anakana, amvekere sanatume munthu. Nkhani inapita kwa majisitireti, ndipo majisitireti anati manijalayo ndi amene ankagulira esiteti zinthu nthawi zonse mwini wake akudziwa, choncho mawu a manijala ndi mawu a mwini. Mwini esiteti anatenga zitseko zake nkulipira. Lyford anaganiza kuti apa zili bwino kuposa pamenepo. Pali kalata ya chidindo, pali mboni zisanu ndi imodzi, ndipo munthu mwiniyo akuvomera.

Mwana wa mlongo wake, Temwa, anali loya ku Mzuzu, ndipo sabata imeneyo anali ndi mlandu ku khoti la pa Mzimba. Lachinayi masana anabwera ku shedi atavala suti yakuda, nsapato zikumira mu utuchi. Anaima kutsogolo kwa mulu wa madesiki, nagwira imodzi.

"Asibweni, ndi okongola chomene," anatero, pomutchula mmene Atumbuka amatchulira amalume.

NyaShaba anabweretsa tiyi. Anakhala onse atatu pa madesiki omwewo. Temwa anawerenga kalata ija, namvetsera nkhani yonse osadula, mpaka ya esiteti ya fodya. Atamaliza, Lyford anamenya pa desiki ndi chikhatho.

"Ndiye ukasume. Nzofanana."

"Sizofanana, asibweni."

"Zasiyana pati? Kuja wantchito anaitanitsa, bwana analipira. Kunonso wantchito anaitanitsa."

Temwa anaika kapu pansi.

"Mwini esiteti ndalama ndi zake. Akhoza kupatsa mphamvu aliyense amene wafuna, ngakhale osalemba, ngakhale pongomulekerera kuti azigula. Akamulekerera anthu nkumakhulupirira, khoti limamuuza kuti anadzimanga yekha. Koma ndalama za ofesi ija si za a Kamwendo, si za abwana awonso. Ndi za anthu onse, ndipo lamulo linalemba kale kuti amene angazilonjeze ndi ndani, ndiponso adutse njira iti. Ofisala wa boma sangakhale ndi mphamvu imene lamulo silinamupatse, ngakhale aoneke ngati ali nayo, ngakhale inu mumukhulupirire ndi mtima wonse."

"Koma wavomera kuti ananena!"

"Kuvomera kwake kukungotsimikiza kuti munthu wopanda mphamvu analankhula. Khoti silingakakamize ofesi ya boma kusunga lonjezo limene lamulo linkailetsa kupanga. Likatero ndiye kuti ofisala aliyense akhoza kudumpha lamulo ndi pakamwa pake, boma nkumalipira."

"Ine ndikanadziwa bwanji zimenezo? Ndine kalipentala."

"Adzakuuzani kuti lamulo ndi lolembedwa, aliyense wochita malonda ndi boma amayenera kulidziwa. Ndipo adzakuwerengerani mzere uwu." Analoza kumunsi kwa kalata. "Akuti si kontirakiti. Munauona?"

NyaShaba ndiye anayankha.

"Anauona. Anafunsa. A Kamwendo anawauza kuti ndi mwambo chabe."

"Si mwambo, amama. Masiku khumi ndi anayi aja anawaika dala kuti amene akuona kuti wachenjeretsedwa alankhule zinthu zisanamangidwe. Mukagula ng'ombe kwa mnzanu, wina amene ankaifunanso alibe chonena. Boma likamagula, amene waluza ali ndi ufulu wofunsa kuti waluza bwanji. Kampani ija inagwiritsa ntchito ufulu wake, ndipo kunena zoona, inali ndi mfundo."

"Uli mbali yawo iwe?"

"Ndili mbali yanu, nchifukwa chake sindikufuna mugulitse ng'ombe zotsalazo kuti mulipire mlandu woti tikaluza."

"Nanga Kamwendo mwiniyo?" NyaShaba anafunsa. "Sangalipire iyeyo?"

"Nzovuta. Ankalankhula monga wantchito wa ofesi, sanadzilonjeze yekha kuti agula. Ndipo ngakhale titapambana, ali ndi chiyani? Njinga yamoto ija ndi ya boma. Mukhoza kumulembera kalata yodandaula, amupatse chilango ku ntchito. Koma ng'ombe sizibwera."

Makina anali atazimitsidwa kuyambira Lolemba, ndipo amisiri anali atakhala pansi pa mtengo wa mango akusewera bawo.

"Palibiretu njira?" Lyford anafunsa, mawu atatsika.

"Madesikiwa akanakhala kuti anafika m'sukulu, boma nkuwalandira, ana nkumakhalira, mwina tikanayesa kunena kuti boma ladya thukuta la munthu, lilipire mtengo wa zimene lalandira. Ngakhale pamenepo makhoti savomera nthawi zonse, makamaka lamulo la zogula likaphwanyidwa. Koma pano boma silinalandire ngakhale msomali umodzi."

Temwa anaona mmene maso a Lyford anasinthira.

"Asibweni, ndapota, musakachite zimene mukuganizazo. Kukatula katundu pakhomo pa munthu sikutanthauza kuti walandira."

Lyford anati wamva. Koma Lachiwiri lotsatira anachita hayala lole, nakweza madesiki makumi asanu ndi limodzi, nalowera njira ya ku Engutwini. Pa mndandanda wa m'mapepala a tenda panali sukulu ina kumeneko imene inayenera kulandira chiwerengero chimenecho. NyaShaba anamuletsa mpaka pa chitseko cha lole. Iye anangoti, "Ana akakhalira, tione amene adzawadzutse."

Kunali kumapeto kwa Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi la msewu likulowa mpaka m'mano. Anafika cha m'ma teni. Sukuluyo inali ya midadada itatu ya njerwa zootcha, ndipo kalasi ina inali pansi pa mtengo. Lole itangoima, ana anatuluka m'makalasi akukuwa kuti madesiki abwera. Lyford sanadikire. Anauza dalaivala amasule zingwe, ndipo ana akuluakulu anayamba kutsitsa okha, awiri awiri, kuthamanga nawo kulowa m'kalasi. Ena anangowaika pabwalo nkukhalapo, kumasisita vanishi ndi zikhatho.

Mphunzitsi wamkulu anatuluka mu ofesi choko chili m'manja. Anali mayi wamtali wa imvi zapatalipatali, dzina lake Fyness Mhone. Anayang'ana madesikiwo, nayang'ana Lyford.

"Adada, mwachokera ku ofesi?"

"Ndine Zgambo, amene ndinapatsidwa ntchito ya madesiki. Awa ndi anu. Mungondisainira apa kuti mwalandira."

Anatulutsa buku lake la malisiti. Mayi Mhone sanalitenge.

"Muli ndi pepala la ku ofesi lotumizira katunduyu?"

"Ndili ndi kalata iyi."

Anaiwerenga mpaka pansi, naibweza.

"Adada Zgambo, nkhani yanu ndinaimva. Tonse aphunzitsi akuluakulu a dera lino tinauzidwa kuti tenda ija inathetsedwa, ndipo tisalandire katundu aliyense pa dzina lake. Ndikasaina apa ndiye kuti ndalandirira boma katundu amene silinagule. Mphamvu imeneyo ndilibe. Siginecha yanga sikuthandizani, koma ineyo indichotsetsa ntchito. Ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume."

"Amama, taonani ana anu. Akukhala pati?"

"Mukundiuza ine?" Mawu awo anakwera pang'ono. "Sitandade 8 ikulemba mayeso oyeserera pa maondo. Atsikana akuluakulu amajomba chifukwa chochita manyazi kukhala pansi. Ndalemba makalata zaka zinayi. Musaganize kuti madesikiwa sindikuwafuna."

"Mbwenu alandireni."

"Mukati ndi mphatso, ndiitana komiti ya sukulu pompano, tilembe kuti a Zgambo apereka mwaulere ndipo sadzafuna kanthu, musaine inuyo. Pamenepo ndilandira ndi manja awiri. Koma kulandira kuti boma lidzalipire, ayi."

Lyford anayang'ana pabwalo. Mtsikana wina anali atatulutsa kale kope lake, akulemba pa desiki, kuyesa mmene zimamvekera. Anaganiza za khola la ku Edingeni lokhala ndi ng'ombe zinayi. Anaganiza za Bestone. Madesiki makumi asanu ndi limodzi amenewo anali oposa ng'ombe imodzi, ndipo ng'ombeyo sinali yake yekha.

"Sindingathe," anatero.

"Ndikumvetsa," anatero mayi Mhone. Anatembenuka, nawomba m'manja katatu. "Ana inu! Bwezani madesiki onse mu lole."

Poyamba ana sanamve, kapena anamva koma sanakhulupirire. Mayi Mhone anabwereza m'Chitumbuka. Phokoso lonse linazima. Anayamba kutulutsa madesiki m'makalasi, awiri awiri monga analowetsera, koma tsopano akuyenda pang'onopang'ono, osayang'ana munthu. Lyford anaima pambali pa lole akuwalandira nkumapatsira dalaivala. Palibe tsiku lina m'moyo wake limene anadziona wonyozeka ngati limenelo. Sanabe, sananame, koma ndi iye amene ankalanda ana madesiki m'manja, osati Kamwendo, osati komiti, osati kampani ya ku Lilongwe. Zingwe zitamangidwa, mayi Mhone anamubweretsera madzi m'kapu. Anamwa, nathokoza, nakwera.

Anauyamba ulendo wobwerera. Dalaivala anayesa kuyatsa wailesi, kenako anaizimitsa yekha.

Tenda yatsopano inatuluka mu Novembala. Lyford sanapikisane nawo. Analibe makina owotcherera zitsulo, ndipo analibenso chogulitsa kuti awagule. Amisiri anayi owonjezera aja anawauza apite. Mwa asanu ndi mmodzi akale, anatsala awiri.

Kalata yodandaula za Evance sanailembe. NyaShaba ankafuna ailembe, ndipo anakangana za zimenezi kangapo.

"Munthu watigwetsa m'dzenje, inu mukumusiya?"

"Akamuchotsa ntchito, ana ake adya madesiki anga?"

"Nanga athu akudya chiyani?"

NyaShaba anasiya kwaya, chifukwa sakanatha kuima mzere umodzi ndi mkazi wa Evance nkumaimba. Mu Disembala anamva kuti Evance wasamutsidwira boma lina. Ena ankati ndi chilango, ena ankati anapempha yekha. Sanabwere kudzatsanzika. Anangotumiza uthenga pa foni wopepesanso, ndipo Lyford anauwerenga nkuufufuta.

Chovuta kwambiri chinali ulendo wa ku Edingeni. Anauzengereza mpaka Khirisimasi. Anamupeza Bestone akumangirira ng'ombe ziwiri pa goli kuti akalime. Anamufotokozera zonse monga mmene Temwa anafotokozera, za masiku khumi ndi anayi, za mphamvu imene ofisala analibe, za ndalama za anthu onse. Bestone anamvetsera atagwira chingwe.

"Munati ndi boma."

"Ndinatero."

"Tsopano mukuti silinali boma."

"Anali munthu wa boma, mu ofesi ya boma, ndi kalata ya boma. Koma akuti silinali boma."

"Nanga boma ndi ndani?"

Bestone anakuwira ng'ombe zake nalowera kumunda, osamuitanira Lyford kunyumba. Ukwati wa mwana wa Bestone unaimitsidwa, ndipo akuchikazi anayamba kulankhula.

Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho. Malona amene anaphimbira mulu wa madesiki anang'ambika ndi mphepo, madzi nkumalowa, vanishi nkuyamba kutuwa. Madesiki a m'munsi anayamba kugwidwa ndi chiswe. Mwini sukulu ina yapulaiveti ya m'tauni anabwera nasankha makumi anayi abwinobwino. Ankadziwa kuti Lyford ali pakona, choncho anatchula mtengo wosakwana ngakhale wa matabwa ake. Anagwirizana ataimirira pamatope, popanda fomu kapena chidindo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ngolo zinabwera kudzanyamula. Matchalitchi awiri anatenga khumi khumi a Sande sukulu. Otsalawo panalibe wowafuna. Desiki ya mwana wa pulayimale munthu wamkulu sakwanapo, ndipo m'nyumba ilibe ntchito.

Mu Januwale anayamba kuwaphwasula. Ankazula misomali umodziumodzi nkuiwongola pa chitsulo, matabwa nkuwasanja malinga ndi kutalika. Anali afupiafupi, osakwana chitseko kapena bedi. Ankapanga timipando ta kukhitchini, mashelefu a maokala, makola a nkhunda. NyaShaba ankakhala nazo pamsewu Loweruka.

Tsiku lina chakumapeto kwa Febuluwale, lole yaikulu inaima pafupi ndi msika, dalaivala akufunsa njira ya ku Engutwini. Inali itadzaza madesiki a miyendo yachitsulo yopaka utoto wakuda. Anthu a pamsika anayamba kuyang'ana ku shedi ya Lyford. Iye anaika hamala pansi, nawoloka msewu, nafika pa lole. Anagwira desiki imodzi ya m'mphepete, nayendetsa chala pamene anawotcherera, nayang'ana mabawuti, nakanikiza thabwa la pamwamba ndi chala chachikulu. Ankafunitsitsa kupeza cholakwika, choti akauze NyaShaba, choti akauze Bestone. Sanachipeze. Anali madesiki abwino, opangidwa ndi munthu wodziwa ntchito yake.

"Bambo, njira ya ku Engutwini mukuidziwa?" dalaivala anafunsa.

Lyford anamulozera, namuuza pokhotera, namuchenjeza kuti pa kamlatho kachiwiri pamaterera mvula ikagwa, ayende pang'onopang'ono. Lole inanyamuka. Iye anabwerera ku shedi. Panali patatsala madesiki 112 oti aphwasule, ndipo kumwamba kunali kutayamba kuda.